Banja la mawu ochokera ku act

Mawu a Chingerezi akuti enactment amaoneka oopsa munthu akakumana nawo m'nyuzipepala, koma pakati pake pangokhala kamuzu ka zilembo zitatu, act. Kamuzuka kanachokera ku Chilatini, ku mneni agere, kutanthauza kuchita kapena kuyendetsa chinthu. Ife sitiri alendo pa nkhani yotere. Kuchokera ku -chit- timapanga kuchita, mchitidwe, zochita ndi chochitika, ndipo Chingerezi nachonso chimalumikiza timagawo kutsogolo ndi kumbuyo kwa muzu.

Timagawo ta kumapeto sitivuta. Action ndi dzina, ndiko kuti chochita. Active amafotokoza munthu wochangamuka kapena chinthu chomwe chikugwira ntchito, ngakhale phiri lomwe likulavulabe moto. Actor ndi wochita, ngakhale masiku ano ambiri akamva mawuwa amangoganiza za wochita zisudzo. Chosintha china ndi katchulidwe: mu action chilembo t chimamveka ngati sh, pomwe mu active ndi actor chimamveka bwinobwino.

Pa react ndi pomwe ophunzira ambiri amapunthwa. Anaphunzitsidwa kuti re- ndi kubwereza, choncho amaganiza kuti react ndi kuchitanso. Ayi. Apa re- akuloza kubwezera: wina wachita kanthu, iwe ukuchitapo kanthu poyankha. N'chifukwa chake lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, limaphunzitsidwa ndi mawu awiri, action ndi reaction: ukakankha khoma, nalonso limakukankha ndi mphamvu yofanana.

Tsono tiwaphwanye enactment aja. Act ali ndi tanthauzo lina, lamulo lomwe nyumba ya malamulo yavomereza. Kagawo ka en- kamasandutsa dzina kukhala mneni, ndiye enact ndi kusandutsa chinthu kukhala lamulo. Kenaka -ment amabwezera mneniyo ku dzina. Enactment ndiye kukhazikitsa lamulo, kapena lamulo lenilenilo litakhazikitsidwa. Ku Malawi aphungu akamakambirana, chomwe chili m'manja mwawo ndi bilu. Imakhala Act aphunguwo akaivomereza, Pulezidenti n'kusainira, monga zinachitikira mu 2015 ndi lamulo la maukwati lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act. Mukaika re- patsogolo n'kupeza re-enactment, pamenepo tsopano ndi kubwerezadi, kaya kukhazikitsanso lamulo kaya kusewera zomwe zinachitika kale.

Koma si mawu onse okhala ndi zilembo zitatuzi omwe ali pachibale. Fact anachokera ku mneni wina wa Chilatini, facere, kupanga, ndipo contact ndi wa ku tangere, kukhudza. Njira yoyesera ndi kuchotsa act n'kuona chotsala. Mu react mutsala re-, kagawo kodziwika, pomwe mu fact mutsala f yekha, yemwe satanthauza kanthu. Chodabwitsa n'chakuti agent ndi agenda, omwe alibe act n'komwe, ndi abale enieni, chifukwa anatenga ag- wa agere osamusintha.