Mmene mainjiniya amadziwira kuti mzati wa pansi usenza mlatho

Pamalo pomwe dothi ndi lofewa, mlatho umakhala pa mizati ya konkire yokhomedwa mozama m'nthaka. Asanamangepo kanthu, mainjiniya amasankha mzati umodzi n'kuusenzetsa katundu. Amaunjika zibuma za konkire pamwamba pake, pakati n'kuikapo jeke yomwe imakankhira mzatiwo pansi. Mageji anayi oikidwa mozungulira mutu wa mzati amaonetsa mamilimita omwe watitimira.

Katunduyo amamuwonjezera pang'onopang'ono, kawirikawiri mpaka kufika kawiri pa kulemera komwe mzati udzasenze. Akawonjezera, amadikira kuti mzati usiye kutsika kuposa mamilimita 0.25 pa ola.

Manambalawo amawajambula pa galafu, katundu mbali ina, kutitimira mbali ina. Mzere ukamatsetsereka mofatsa, dothi likugwirabe. Ukagwa mwadzidzidzi ngati phompho, mzati n'kumangotsika jeke isanawonjezere mphamvu, dothi lagonja.

Mizati yambiri sifika pamenepo, choncho pamafunika malire ogwirizana kuyesako kusanayambe. Odziwika kwambiri anawakonza M.T. Davisson wa ku Amerika mu 1972. Iye anaona kuti mutu wa mzati ukatsika, si dothi lokha lomwe lasuntha, konkire nayenso amafinyika.

Tiyerekeze mzati wotalika mamita 20, wonenepa mamilimita 600, wofunika kusenza matani 100. Pa matani 200, konkire yekha afinyika pafupifupi mamilimita 4.6. Apa Davisson amawonjezerapo 3.8, kenako kunenepa kwa mzati kugawa ndi 120, komwe ndi 5. Malire akhala mamilimita 13.4. Mageji akaonetsa 9, mzati wakhoza. Akaonetsa 16, ndiye kuti mzere wadutsa malirewo katundu asanakwane matani 200, ndipo mphamvu ya mzati amaiwerengera pomwe unadutsirapo. Zikatero pangafunike mizati yotalikirapo kapena yochulukirapo.

Potsitsa katundu amawerenganso mageji. Mzati womwe unatsika 9 ukabwerera m'mwamba ndi 5, watsala ndi 4 wosabwereranso, ndipo ameneyu ndiye akusonyeza kusuntha kwenikweni kwa dothi.

Zida nazo zimanama. Mageji amatsamira pa mtanda wachitsulo womwe suyenera kugwedezeka, koma dzuwa likauwomba umapindika, manambala a masana n'kusiyana ndi a usiku. N'chifukwa chake amaumangira mthunzi. Geji imodzi ikamathamanga kuposa zinzake, jeke sinakhale pakatikati ndipo mutu wa mzati ukupendekeka.

Motero lipoti silingonena kuti mzati wakhoza. Limakhala ndi tsiku lomwe unakhomedwa ndi lomwe unayesedwa, popeza m'dothi la makande mzati umaonjezera mphamvu masabata akamapita. Mumakhalanso mtundu wa dothi, zikalata zotsimikizira kuti jeke ndi mageji zinapimidwa, manambala a geji iliyonse ndi nthawi yake, komanso galafu yomwe mzere wa malire wajambulidwapo, kuti injiniya wina athe kubwereza masamuwo payekha.