Mayeso atatu amene pulogalamu imadutsamo isanafike kwa anthu

Mu 1999 chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chidatayika chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala m'miyezo ya mapaundi pomwe inzake inkawawerenga ngati a metiriki. Cholakwika chidali pokumanira awiriwo. N'chifukwa chake akatswiri amasanja mayeso m'magawo atatu.

Taganizirani sitolo ya pa intaneti. Gawo loyamba limayesa kachidutswa kamodzi pakokha: katundu wa 1,000 akatsitsidwa ndi 10 peresenti, yankho likhale 900. Mayeso otere sakhudza nkhokwe ya deta, choncho mazanamazana amatha m'masekondi. Amayenda nthawi iliyonse wolemba akatumiza zosintha, ndi lamulo ngati `pytest tests/unit`.

Gawo lachiwiri limayamba wolembayo akapempha kuti ntchito yake iphatikizidwe ndi ya anzake. Makina amadzutsa PostgreSQL yeniyeni mu Docker, kulembamo oda, n'kuiwerenganso. Apa ndi pamene zolakwika zonga za chombo chija zimagwidwa, ndipo mayesowa akalephera, kuphatikiza kumaimitsidwa.

Lomaliza limatsanzira wogula. Pa seva yoyeserera, Playwright imatsegula tsamba, kusankha katundu ndi kulipira. Mayesowa amachedwa, ndipo nthawi zina amalephera kokha chifukwa tsamba lachedwa kutseguka; chizindikiro chake n'chakuti mukawabwereza osasintha kanthu amapambana. Zoterozi n'zoopsa, poti anthu amazolowera kunyalanyaza chenjezo. Ndi bwino akhale ochepa, olondera njira zofunikitsitsa monga kulipira. Mu 2015 katswiri wina wa Google adalemba kuti poyambira pabwino n'kugawa mayeso motere: 70, 20 ndi 10 peresenti.