Msonkho wobisala mu lisiti: musachotsere, gawani

Tiyerekeze kuti mwini kampani yaing'ono yomanga nyumba ku Lilongwe anagula penti ndi misomali m'chaka cha 2024, nalipira K233,000. Lisiti likunena kuti ndalamayo ikuphatikiza kale msonkho wa VAT, koma mzere woonetsa kuchuluka kwa msonkhowo wafufutika, monga achitira mapepala a m'makina a pakauntala akakhalitsa m'thumba. Pamwezi akufuna kulemba m'buku mtengo weniweni wa katundu paokha, msonkho paokha. Achita bwanji?

Ambiri amathamangira pafoni. Chaka chimenecho VAT ku Malawi inali 16.5 peresenti, ndiye amatenga 16.5 peresenti ya K233,000, n'kupeza K38,445. Akachotsera ndalamayi pa K233,000 pamatsala K194,555, basi n'kutseka buku. Masamuwo amaoneka abwinobwino, koma yankholo ndi lolakwika. Msonkho weniweni pa lisitili ndi K33,000, ndipo katunduyo asanakhomeredwe msonkho anali wa K200,000. Wowerengayo wakweza msonkho ndi K5,445.

Vuto lagona pa nambala imene peresentiyo ikutengedwapo. Wogulitsa sanawerengere msonkho pa K233,000, chifukwa panthawiyo nambala imeneyi kunalibe. Iye anayambira pa mtengo wake wa K200,000, natenga 16.5 peresenti ya mtengowo, yomwe ndi K33,000, kenako n'kuphatikiza ziwirizo. Munthu akatenga peresenti yomweyo pa ndalama yonse, ndiye kuti akukhometsanso msonkho pa msonkho umene uli kale m'katimo. Ndipo K5,445 yowonjezera ija si yongogwa kumwamba: ndi 16.5 peresenti ya K33,000 ndendende.

Njira yolondola ndi kubwerera chammbuyo podzera momwe wogulitsa anadzera. Pa K100 iliyonse ya mtengo wake iye anaikapo K16.50, wogula nalipira K116.50. Kunena kwina, anachulukitsa mtengo ndi 1.165. Chimene chimamasula kuchulukitsa ndi kugawa, osati kuchotsera. Choncho K233,000 ikagawidwa ndi 1.165 imapereka K200,000, ndipo kuchotsera K200,000 pa K233,000 kumasiya msonkho wa K33,000. Nambala yogawira ndi yosavuta kuipeza: mlingo wa msonkho ugawidwe ndi 100, kenako aphatikizepo 1. Lisiti lolembedwa 17.5 peresenti ligawidwa ndi 1.175, la 16 peresenti ngati la ku Zambia ligawidwa ndi 1.16. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuyang'ana ndi tsiku la lisiti komanso mlingo wolembedwapo, pakuti boma limatha kusintha mlingo, ndipo lisiti lakale limatsata mlingo wa nthawi imene katundu anagulidwa.

Pali njira yodziwira ngati yankho lili bwino, ndipo satha mphindi. Mtengo umene wapezeka uchulukitsidwe ndi 1.165, uyenera kubwerera pa ndalama ya pa lisiti. K200,000 imabwerera pa K233,000. K194,555 ija imangofika pa K226,657, kupereweza ndalama zoposa K6,000.

Anthu owerengetsera ndalama m'makampani amakonda njira yachidule yofikira pa msonkho osadutsira pa mtengo. Popeza m'K116.50 iliyonse muli msonkho wa K16.50, gawo la msonkho pa ndalama yonse ndi 16.5 mwa 116.5, zomwe n'chimodzimodzi ndi 33 mwa 233. Ndiye kuti msonkho wa 16.5 peresenti umangotenga pafupifupi 14.2 peresenti ya ndalama imene wogula watulutsa m'thumba. Pa mlingo wa 17.5 peresenti gawolo ndi 7 mwa 47. Amene ali ku Britain zawo n'zopepuka: kuyambira mu Januwale 2011 VAT kumeneko ndi 20 peresenti, ndipo 20 mwa 120 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Lisiti la mapaundi 120 lili ndi msonkho wa mapaundi 20, osati 24 monga angaganizire wothamangira kuchotsera.

Malisiti enieni sakhala ndi manambala okoma ngati K233,000. Titenge la K50,000 pa mlingo wa 16.5 peresenti. Kugawa ndi 1.165 kumatulutsa 42,918.4549 ndi manambala ena otsatira, ndipo popeza tambala sagawika, amalemba K42,918.45. Apa pali kamsampha. Wina akafuna msonkho pochulukitsa K42,918.45 ndi 16.5 peresenti apeza K7,081.54, ndipo ziwirizo zikaphatikizidwa zikwana K49,999.99. Tambala imodzi yasowa. Palibe wogula amene angadandaule nayo, koma buku la ndalama silikhazikika ngati mbali ziwiri zasiyana, ndipo malisiti akakhala mazanamazana matambala oterewa amamutayitsa munthu madzulo onse akufunafuna pomwe palakwika. Mankhwala ake ndi kudula matambala kamodzi kokha, pa mtengo, kenako msonkho upezeke pochotsera: K50,000 kuchotsera K42,918.45 ndi K7,081.55. Amene amagwiritsa ntchito Excel, ndalama yonse ili m'bokosi A2, angalembe mzere woyambawu mu B2 ndi wachiwiri mu C2:

```
=ROUND(A2/1.165,2)
=A2-B2
```

Komabe cholakwika chachikulu kuposa cha matambala chimabwera ndi malisiti a m'masitolo akuluakulu, momwe munthu amagula zinthu zosakanikirana. Si katundu yense amene amakhomeredwa VAT. Wina lamulo linamupatula, monga zokolola zina zakumunda zomwe sizinadutse ku fakitale, ndipo wina ali pa mlingo wa ziro peresenti. Kwa wogula zonsezi zikutanthauza chinthu chimodzi: mu mtengo wa katundu wotereyu mulibe msonkho woti autulutse.

Tinene kuti lisiti ndi la K30,000, pomwe K6,700 ndi ya katundu wopanda msonkho ndipo K23,300 ndi ya katundu wamsonkho. Wogawa K30,000 yonse ndi 1.165 apeza mtengo wa K25,751.07 ndi msonkho wa K4,248.93. Kuyesa kobwerera chammbuyo kuja sikungamuthandize pano, chifukwa K25,751.07 ikachulukitsidwa ndi 1.165 imabwereradi pa K30,000. Masamu ali bwino, chalakwika ndi ndalama imene yagawidwa. Choyenera ndi kuyamba wapatula K6,700 ija, n'kugawa K23,300 yokha: mtengo K20,000, msonkho K3,300. Mtengo wa katundu yense wopanda msonkho ukhala K26,700, ndipo zioneka kuti njira yoyamba ija inakweza msonkho ndi pafupifupi K950. Malisiti ambiri a m'makina amaika chilembo kapena chizindikiro pambali pa chinthu chilichonse kusonyeza gulu lake la msonkho, ndipo kumunsi amaonkhetsa gulu lililonse palokha. Mizere ing'onoing'ono imeneyi, yomwe ambiri saiwerenga n'komwe, ndi imene imanena ndalama yoyenera kugawa.

Palinso lisiti lomwe siliyenera kugawidwa mpang'ono pomwe. VAT amatolera ndi amalonda okhawo amene analembetsa za msonkhowu ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Kalipentala wa m'mbali mwa msewu kapena mayi wogulitsa pamsika amene sanalembetse saikapo VAT, choncho kapepala kake kolemba pamanja ka K50,000 ndi mtengo wokhawokha. Kwa wabizinesi wolembetsa, kusiyana kumeneku kumakhudza thumba mwachindunji, pakuti ku MRA amakapereka msonkho umene watolera kwa makasitomala atachotserapo umene iye analipira pogula katundu wa bizinesiyo. Akalemba K7,081.55 kuchokera pa kapepala ka kalipentala uja, wadzichotsera msonkho umene sanalipire, ndipo oyendera mabuku akadzafika adzafuna kuona lisiti lovomerezeka lokhala ndi nambala ya msonkho ya wogulitsa.