Mmene Chijeremani Chimasonyezera Ntchito ya Dzina m'Chiganizo

M'Chijeremani, ntchito ya dzina m'chiganizo imadziwika ndi kamawu kotsogolera dzinalo, kamene kamasintha m'njira zinayi. Pa mayina a gulu lachimuna, der amasonyeza mwininkhani, den pamtherankhani, dem wolandira chinthu, ndipo des amasonyeza umwini. Choncho mu “Der Mann gibt dem Sohn des Nachbarn den Hund”, wopereka ndi bambo, choperekedwa ndi galu, wolandira ndi mwana wamwamuna, ndipo mwanayo ndi wa mnansi.

Ngakhale galu atayamba kutchulidwa, “Den Hund sieht der Mann” amatanthauzabe kuti bambo ndiye akuona galu. Chosokoneza chili pa mayina a gulu lachikazi, chifukwa die amasanduka der posonyeza wolandira kapena umwini, motero “der Frau” amatanthauza “kwa mayi” kapena “cha mayi”, osati mwininkhani.