Musanalipire pulogalamu ya pa intaneti, funsani za potulukira

Eni mashopu ambiri asiya kulemba malonda m'kope ndipo akugwiritsa ntchito mapulogalamu a pa intaneti olipira mwezi ndi mwezi. Pulogalamu yotere simugula, mumachita lendi, ndipo malamulo a lendiyo ali m'chikalata chachitali chija chimene ambiri amangovomera osawerenga.

Yambirani pa ndime yonena za mwini wa zolembedwa. Makampani ambiri amavomera kuti mayina a makasitomala, malisiti ndi mndandanda wa angongole ndi zanu. Koma umwiniwo n'ngwachabe ngati simungathe kuzitenga tsiku lochoka. Musanalipire, yesani kukopera zonse mu fayilo ya CSV kapena Excel, muone ngati zatuluka zathunthu. Funsaninso kuti adzakusungirani mpaka liti mukasiya kulipira. QuickBooks Online imakulolani kuona mabuku anu kwa chaka chimodzi, koma osasinthamo kanthu. Makampani ena amafufuta msanga.

Kenako onani lonjezo la nthawi imene pulogalamuyo izigwira ntchito. Mwezi wa masiku 30 uli ndi mphindi 43,200. Akalemba 99.9 peresenti, ndiye kuti ikhoza kuzima mphindi 43 pamwezi iwo osaphwanya pangano. Akalemba 99 peresenti, ndi maola 7 ndi mphindi 12, pafupifupi tsiku lonse la malonda. Nthawi yokonza makina imene analengezeratu nthawi zambiri saiwerengera, ndipo netiweki kapena magetsi zikavuta kwanuko, mlandu si wawo. Akalephera lonjezolo amangokuchotserani pang'ono pa bilu yotsatira, kawirikawiri pokhapokha mutadandaula. Malonda amene mwaluza sabweza.

Pothetsa mgwirizano m'pamene ambiri amakodwa. Kulipira mwezi ndi mwezi sikutanthauza kuti panganolo ndi la mwezi umodzi. Ku Adobe, amene wasankha pangano la chaka lolipira pamwezi akalithetsa patadutsa masiku 14 amalipira theka la ndalama zotsala. Tiyerekeze kuti mumalipira madola 30 pamwezi ndipo mwasiya itatha miyezi inayi. Yatsala miyezi 8, yomwe ndi madola 240, choncho akudulani madola 120. Mapangano ambiri amayambiranso okha chaka chikatha, motero lembani pa kalendala tsiku lomaliza kupereka notisi.

Mtengo nawo umakwera m'njira ziwiri. Kampani ikhoza kukweza yokha, ndiye onani masiku a chenjezo amene yalonjeza komanso ngati mungachoke osalipira chindapusa. Njira ina ndi ya ndalama yathu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo bilu ya madola 30 inachoka pa K35,400 kufika pa K51,000 kampani isanakweze kalikonse.

Muzikopera mabuku anu kumapeto kwa mwezi uliwonse n'kusunga pa kompyuta yanu. Amene ali ndi mabuku ake m'manja amatha kukana mtengo watsopano n'kusamukira kwina.