Paipi ikamati khoo! magetsi akangothima

Magetsi akathima, pampu imene imakweza madzi kupita ku thanki ya pamwamba pa nyumba imaima. Pakapita kamphindi kumamveka khoo! ngati wina wamenya paipi ndi hamala. Alonda ena amangoti ndi mpweya. Koma phokoso limenelo ndi la madzi amene akuwombana m'kati, ndipo limathyola majointi.

Tiyeni titenge paipi yachitsulo yotalika mamita 600, yochokera ku pampu kukafika ku thanki yomwe ili mamita 40 m'mwamba. Madzi akuyenda mita imodzi ndi theka pa sekondi. Pampu yaing'ono ilibe kulemera koti ipitirize kuzungulira, choncho imaima msanga, pamene madzi a kutsogolo akadali pa ulendo. Pamenepo presha imayamba yatsika, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Kutsikako kumathamanga m'paipi ngati funde, pafupifupi mamita 1,200 pa sekondi, kukafika ku thanki n'kubwerera. Ulendo wonsewo ndi sekondi imodzi basi.

Nikolai Zhukovsky, amene anayesa mapaipi a mumzinda wa Moscow cha m'ma 1898, anasiya masamu amene mainjiniya amayambira mpaka lero:

```
ΔH = a × ΔV / g
```

Ndiko kuti liwiro la funde, kuchulukitsa ndi liwiro limene madzi ataya, kugawa ndi 9.81. Pa paipi yathu yankho ndi pafupifupi mamita 183, ngati pampu yaima sekondi ija isanathe. Koma ife tinali ndi mamita 40 okha. Presha ikatsika mamita pafupifupi 10 pansi pa ya mpweya wa kunja, madzi amasanduka nthunzi ngakhale ali ozizira. Mzere wa madzi umaduka, kawirikawiri pamene paipi yakwera chitunda, ndipo pamatsala mphako. Madzi akamabwerera amatseka mphakoyo mwamphamvu, kenako n'kumenyetsa valavu yoletsa madzi kubwerera ngati inachedwa kutseka. Khoo! uja ndi ameneyo.

N'chifukwa chake injiniya amene akuwunika nkhaniyi amafuna mapu a kukwera ndi kutsika kwa paipi yonse, osati kutalika kwake kokha. Geji wamba yokhala ndi muvi singakuuzeni zoona, chifukwa zonse zimatha muvi usanakhazikike. Pamafunika kachipangizo kolemba presha kambirimbiri pa sekondi.

Ine ndimadabwa ndi eni nyumba amene amagula makina oimitsa pampu pang'onopang'ono n'kumati vuto latha. Makinawo amadalira magetsi omwewo amene athima! Chothandiza ndi thanki yotseka yokhala ndi mpweya wopanikizidwa, yoikidwa patsogolo pa valavu ija, yomwe imakankhira madzi m'paipi pampu ikangoima, pamodzi ndi valavu ya sipuling'i yotseka madzi asanatembenuke. Koma mpweya wa m'thankimo umatha pang'onopang'ono. Inu amene muli nayo, funsani pulambala wanu kuti anaupima liti komaliza.