Mukalakwitsa akaunti, musafufute

Mwezi watha ndinaitanidwa ndi gulu lina la alimi amthirira kufupi ndi kwa Ngabu kuti ndikaone mabuku awo. Ndinapeza komiti itakwiya. Lipoti linkaonetsa kuti ndalama zokonzera pampu zapyola bajeti ndi K480,000, pamene aliyense ankadziwa kuti chaka chino makaniko sanaitanidwe kawiri. Kalaliki wawo, mtsikana wakhama, komitiyo inali itayamba kale kumuyang'ana ndi diso lina.

Ndalama sinasowe. Analipira wogulitsa dizilo wa ku Nchalo K480,000 yeniyeniyo, vocha ilipo, lisiti lilipo, banki ikuvomereza. Koma polemba, m'malo moika ndalamayo mu akaunti ya mafuta, kalalikiyo anaiika mu akaunti yokonzera makina. Chimene chinandiwawa ndi mawu a wapampando atamvetsa nkhaniyo: "Ndiye achimwene, bwanji osangofufuta n'kulembanso bwino? Maodita asaone kuti tinalakwitsa."

Maganizo amenewa ndatopa nawo. Anthu ambiri amaona ngati buku labwino ndi lopanda chipsera, ndipo kuonetsa kuti unakonza kuli ngati kuvomera kuti unaba. Ife a ntchitoyi timaona mosiyana. Kulakwitsa akaunti kumachitika mu ofesi iliyonse, makamaka masana a mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa, munthu ali ndi mulu wa mavocha. Chimene chimaimitsa mutu wa odita ndi tipeksi, tsamba long'ambidwa, kapena nambala ya vocha imene yasowa pamndandanda. Kumbukirani Cashgate ya 2013: ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti malipiro ena ankalowetsedwa mu IFMIS, makina a zachuma a boma, kenako n'kufufutidwa ndalama zitatuluka. Wofufuta, ngakhale mtima wake uli woyera, amasiya mapazi ofanana ndi a anthu amene anachita zimenezo. Komanso lipoti lolakwikalo komiti inaliwerenga kale, ndipo lili mufayilo. Mukasintha mwakachetechete, mawa ndani adzafotokoze chifukwa chimene buku ndi lipoti zikusiyanirana?

Chimene timachita ndi kulemba jenolo, kutanthauza kalembera wosamutsa ndalama kuchoka mu akaunti ina kupita mu ina popanda ndalama yeniyeni kuyenda. Akaunti ya mafuta tinailemba debiti K480,000, kuti ndalama zimene gululo linawonongera mafuta zikwere kufika pomwe zinayenera kukhala. Akaunti yokonzera makina tinailemba kirediti K480,000, kuti katundu amene sanali wake atsike. Pansi pake tinalemba mawu ofotokoza: malipiro a dizilo, vocha nambala yakuti, ya tsiku lakuti, analowa mu akaunti yolakwika. Kalaliki anasaina, msungichuma anavomereza, ndipo tinamata fotokope ya invoisi. Akaunti ya banki sitinaikhudze, chifukwa ndalama inatuluka kamodzi ndipo inalembedwa molondola. Wina akaikhudza, buku lake limayamba kusiyana ndi sitetimenti ya kubanki.

Wapampando anafunsanso kuti zinatheka bwanji, poti mwezi uliwonse ankauzidwa kuti mabuku akubalansa. Kubalansa kumangotsimikiza kuti madebiti onse pamodzi akufanana ndi makirediti onse. Sikudziwa kusiyanitsa dizilo ndi sipanala. Cholakwa chotere chimagwidwa ndi munthu amene waika lipoti pambali pa bajeti n'kudabwa kuti pampu yatunga madzi mu Shire mwezi wathunthu koma mafuta akuoneka ochepa.

Musanathamangire kulemba jenolo, yambani mwafufuza chinthu chimodzi. Ngati gulu lanu limalemba invoisi ikangofika, ndiye kuti dizilo uja analowa kale mu akaunti ya mafuta, ndipo wogulitsayo analembedwa kuti muli naye ngongole. Zikatero, debiti yokonzerayo ipite ku akaunti ya wogulitsa, osati ya mafuta. Mukapanda kutero, mafuta awerengedwa kawiri, ngongole ikhalabe m'buku, ndipo tsiku lina munthuyo mudzamulipiranso.

Za tsiku: ngati mwezi sunatsekedwe, konzani m'mwezi womwewo. Ngati unatsekedwa, nthawi zambiri timalemba m'mwezi umene tazindikira, n'kuuza komiti. Ngati chaka chinatha ndipo maodita anasaina kale, kapena ndalamazo ndi za bungwe lothandiza limene munalitumizira lipoti, kapenanso kusinthako kukukhudza msonkho wa ku MRA, funsani kaye akauntanti wanu, pakuti pamenepo njira imadalira kukula kwa ndalamayo.

Kwa Ngabu kuja chaka chinali chisanathe. Jenoloyo inatenga mizere itatu, ndipo pamsonkhano wotsatira kalaliki anaiwerenga yekha pamaso pa komiti.